Kwa mdzukulu wanga wogulitsa anapiye ku Area 25

Khala pansi, Naphiri. Foniyo uike kaye pamkekapo, sithawa.

Gulu lako la pa WhatsApp ndaliona. Unandilowetsamo wekha osandipempha, koma zimenezo tikamba kutsogoloku. Muli anthu oposa 300. Dzina la shopu yako lili pamwamba, ndi chithunzi cha anapiye. Koma wolankhula ndi mmodzi yekha. M'mawa mtengo wa sitata. Masana mtengo wa finisha. Madzulo, "Anapiye atsala ochepa, fulumirani." Woyankha palibe. Uli ngati kondakitala woitanira m'depoti, minibasi ili yodzaza kale ndi anthu ogona. Ukamauza anzako kuti gulu langa ndi lalikulu, ine ndimangoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Iwe ukuti anthu amasiku ano ndi ouma mtima. Ayi, mwanawe. Anthuwo anakutseka pakamwa kalekale, anadina `Mute`. Satuluka chifukwa akukuchitira manyazi. Ukawafunsa pamsika wa Msungwi kuti munaona uthenga wanga, adzati inde. Sanauone.

Ine zosonkhanitsa anthu pa dzina limodzi ndinaziona mafoni asanabwere. Pulogalamu ya Zokonda Amayi ya pa wailesi ya MBC umaidziwa. Amayi ako anakula akuimvera. Wailesi inapereka zinthu ziwiri basi, dzina ndi nthawi yodziwika. Zotsalazo anachita ndi amayi eni ake. Mayi wa ku Kawale amapereka moni kwa mnzake wa ku Mzimba amene sanamuonepo. Mnzakeyo amabweza moniyo pa pulogalamu yotsatira. Mayina aja atazolowereka m'makutu, amayi anafuna kuonana nkhope. Anayambitsa makalabu m'madera mwawo. Anasoketsa nsalu zofanana. Anayamba kusonkherana, kukaona odwala m'zipatala, kukhuzana maliro. Mpaka lero amachita macheza aakulu, mabasi kuchokera zigawo zonse za dziko lino. Woulutsa mawu uja sakhala mphindi zonse akutamanda wailesi. Amawerenga mayina a amayi. Koma pita ukamuuze mayi wa kalabu kuti asinthe siteshoni nthawi imeneyo, ukaone. Dzina la MBC amalinyamula pamutu popanda malipiro, chifukwa pa dzina limenelo ndi pamene anapeza anzake.

Tsono funso lako loyamba likhale ili: anthu ogula kwa ine akufunana pa chiyani? Ukalephera kuyankha, gulu usatsegule. Ika mitengo yako pa sitetasi, amene akufuna adzaona. Mutu umodzi susenza denga, komanso anthu sasonkhana pamene palibe denga loti asenze.

Mwayi wako ndi woti denga lilipo. Makasitomala ako ambiri amaweta nkhuku zoyera kuseri kwa nyumba. Wina 30, wina 50, wolemera 100. Katemera wa chitopa amabwera m'kabotolo kokwanira nkhuku zochuluka, kawirikawiri 1,000. Ukakatsegula n'kusungunula, akhale atamwedwa pasanathe maola awiri. Sasungika kufikira mawa. Mayi wa anapiye 50 achite bwanji? Agule kabotolo konse n'kutaya mankhwala a nkhuku 950? Ambiri amangosiya osatemera, n'kumapemphera. Nyengo yotentha ikafika, cha mu Seputembala ndi Okutobala, chitopa chimalowa, khola lonse gwa. Mayi ameneyu akufuna anzake 10 kapena 15 amene anapiye awo anabadwa tsiku limodzi ndi ake. Yekha sangawapeze. Amene ukuwadziwa onsewo ndiwe, chifukwa anagula kwa iwe tsiku limodzi. Gulu lako liyambire pamenepo.

M'mera mpoyamba. Gulu la anthu 300 lija silingawongoke, linapindika lili laling'ono. Yamba lina, ndipo uyambe ndi ochepa. Tsegula kope lako la malonda. Sankha anthu pakati pa 20 ndi 30 amene anagula kawiri kapena kupitirira. Wogula kamodzi angakhale wongodutsa. Wobwerera ndiye woweta weniweni. Aliyense umupemphe pakamwa, akabwera kudzatenga thumba la chakudya. Uziti, "Amayi, ndikufuna tizigawana katemera ndi anzathu oweta, kodi ndikulowetseni?" Akavomera ndi pakamwa pawo, adzalankhulanso ndi pakamwa pawo. Munthu wongodzuka m'mawa n'kudzipeza ali m'gulu amakhala ngati wogwidwa, amafunafuna khomo. Dziwanso kuti m'gulu la WhatsApp aliyense amaona nambala ya mnzake. Ukalowetsa mkazi wa mwini popanda chilolezo, usiku n'kuyamba kulandira mafoni a anyamata osawadziwa, mlanduwo ubwera pakhomo pako.

Linki yolowera usaimwaze pa Facebook. Pali malo olembedwa `Approve new members`. Uyatse pamenepo, kuti wofuna kulowa aziyamba wagogoda. WhatsApp imalola anthu 1,024 m'gulu limodzi kuyambira mu 2022, ndipo achinyamata mumaona ngati chiwerengero chimenecho ndi mpikisano. Anthu amene angadziwane mayina ndi makola awo sapitirira makumi angapo. Akachuluka, wamanyazi amasiya kufunsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo nkhuku za munthu wamanyazi zimafera m'khola iye ali chete.

Tsopano za mwambo. Anthu amabwerera kumene akudziwa kuti tsiku lakuti kumachitika chakuti. Iwe suyenera kuchita kupeka masiku. Nkhuku yakupekera kale. Moyo wa nkhuku yoyera ndi masabata 5 kapena 6, ndipo sabata iliyonse ili ndi ntchito yake.

Tiyerekeze kuti anapiye amafika Lachinayi. Tsiku limenelo madzulo likhale la malonje. Aliyense amene watenga alembe dzina lake, dera lake ndi chiwerengero chake. "Ndine mayi wa ku Mgona, ndatenga 50, aka n'koyamba." Wakale mmodzi amulandire pomutchula, amufunse ngati mbaula yayaka ndiponso ngati makala akwana usiku wonse, pajatu magetsi a kuno sitiwadalira. Usamulandire ndiwe nthawi zonse. Upemphe mayi mmodzi wansangala kuti ntchito yolandira alendo ikhale yake. Mlendo akayankhidwa tsiku loyamba, amalankhulanso. Akasiyidwa, samvekanso.

Lachinayi lotsatira anapiye akwanitsa masiku 7. Ambiri kuno amapereka katemera wa chitopa cha pamenepo, wa gumboro cha pa masiku 14, n'kubwereza wa chitopa cha pa masiku 21. Koma pepala lochokera kumene anapiye anaswedwa ndilo litsogole, chifukwa ena amabwera atalandira kale katemera woyamba. Waona kukoma kwake? Masiku onsewo akugwa Lachinayi. Palibe woiwala.

Ndikuyendetse bwinobwino tsiku limodzi, kuti uone mmene foni ndi miyendo zimathandizirana. Tinene kuti anthu 12 a ku Area 25 ndi Mgona atenga anapiye 50 aliyense. Onse pamodzi ndi 600. Lachiwiri mmodzi wa iwo alembe m'gulu kuti katemera ndi mkuja, 6 koloko m'mawa, pakhonde la shopu. Mtengo wa kabotolo augawe pa 12, aliyense adziwe yake. Lachitatu wina akumbutse za madzi. Madzi a pampopi ali ndi kolorini, ndipo kolorini amapha katemera. Atungidwe dzulo lake, agone m'ndowa yosavundikira. Lachinayi m'mamawa aliyense achotse zomwera m'khola kwa ola limodzi kapena awiri, kuti anapiye amve ludzu. Pakhonde paja, kabotolo ka 1,000 kasungunulidwe mu lita imodzi ya madzi oyera. Ndiye kuti mililita imodzi ndi ya mwanapiye mmodzi. Wa anapiye 50 amuyezere mamililita 50 ndi sirinji, athire m'kabotolo kake koyera, akabise ku dzuwa, athamange kwawo kukasakaniza ndi madzi omwera. Ulendo woyamba muitane alangizi a ziweto adzaime nanu. Akamaliza kumwetsa, aliyense alembe m'gulu mawu amodzi: "Zamwa." Amene sanalembe pofika 9 koloko, mnzake woyandikana naye amuimbire.

Mawu aang'ono ngati amenewo usawapeputse. Gulu likapeza mawu ake, limayamba kudzimva kuti ndi gulu. Koma usawaumirize. Amene ati akhalitse adzatuluka okha m'kamwa mwa mamembala, mwina pa nthabwala. Iwe ntchito yako ndi kuwatola n'kuwabwereza.

Chinthu chimodzi undimvetsetse. Akumane pakhonde la shopu, osati pakhola la munthu. Chikondi chikakula, anthu amafuna kuyenderana kuti aone nkhuku za anzawo. Matenda amayenda pa nsapato ndi m'manja. Walira mvula walira matope. Wasonkhanitsa oweta, wasonkhanitsanso njira za chitopa. Lamulo limeneli ulinene tsiku loyamba: khola la mnzako umaliona pa chithunzi.

Maola awiri aja akuphunzitsenso za mtunda. Mgona ndi Area 25 ndi oyandikana, kufupi ndi Kanengo. Koma wa ku Chinsapo, njira ya ku Likuni, akwera maminibasi awiri. Wa kuno ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 23 chimodzimodzi, ndipo akakumana ndi mzere wa magalimoto pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, katemera afika atafa. Choncho anthu akamachuluka, usakulitse gulu. Uligawe potsata madera. Dera lililonse likhale ndi gulu lake, tsiku lake ndi mtsogoleri wake wokhala komweko. WhatsApp inabweretsa `Communities` mu Novembala 2022, ndipo ntchito yake ndi imeneyi. Magulu ang'onoang'ono amakhala pansi pa dzina limodzi, pamwamba pali chipinda chimodzi cha zolengeza chimene umalembamo iwe. Mitengo yako izipita kumeneko, kamodzi pa sabata. M'magulu a madera muzikhala nkhani za nkhuku.

Uonjezepo tsiku limodzi lokha losangalatsa. Lamulungu madzulo, anthu atabwera ku tchalitchi, aliyense ayeze nkhuku 5 pa sikelo, alembe kulemera kwake ndi masiku amene zakwanitsa. Ukadzaona mmene anthu amakondera kuonetsa nkhuku zonenepa, udzaseka. Koma phindu lake ndi lenileni. Amene zake zatsalira kwambiri poyerekeza ndi za anzake a tsiku limodzi amadziwa msanga kuti pali vuto, mwina kuzizira, mwina kuthithikana, mwina wakhala akusakaniza chakudya ndi madeya kuti chichuluke. Miyambo iwiri kapena itatu yakwana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ukaika mutu wa nkhani tsiku lililonse, udzatopa ndiwe mwezi usanathe, ndipo mwambo wodumphadumpha umapha gulu kuposa kusakhala nawo. Kumbukiranso bandulo. Ambiri mwa amayiwa amagula ya WhatsApp yokha, ya tsiku kapena ya sabata. Kanema mmodzi wautali amawadyera zonse. Chithunzi chimodzi, mawu ochepa, kapena uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi wothandiza amene kuwerenga kumawavuta.

Tafika povuta, pamene achinyamata ambiri mumagwa. Kukhala chete.

Mayi wina alemba kuti anapiye ake aunjikana pakona ndipo akulira. Iwe yankho ukulidziwa, akumva kuzizira. Chala chako chikuyabwa. Chigwire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikira mphindi 20 kapena 30. Ngati palibe woyankha, usayankhebe ndiwe. Uitane munthu: "Amayi a ku Mgona, inu munalera anapiye mu Juni kukuzizira, mungawathandize bwanji anzathuwa?" Mayi uja akayankha, umuthokoze pagulu, n'kuonjeza pang'ono pokha ngati pali chotsala. Wachita zinthu zitatu pamenepo. Wofunsa wathandizidwa. Woyankha walemekezedwa, ndipo mawa sadzadikira kuitanidwa. Ena onse aona kuti muno munthu wamba amaloledwa kudziwa kanthu. Ukamayankha zonse ndiwe, komanso msangamsanga, anthu amaphunzira kuti mafunso ndi a adimini. Tsiku limene udzadwale malungo, gulu lidzadwala nawe.

Usadandaule ndi osalankhula. Amalume ako anandiwerengera zimene analemba katswiri wina wa za intaneti, Jakob Nielsen, mu 2006. Akuti m'magulu ambiri otere, pa anthu 100 alionse, pafupifupi 90 amangowerenga, 9 amalankhula mwa apo ndi apo, ndipo mmodzi ndiye amalankhula kwambiri. Ine ndinaseka, chifukwa aliyense amene anatsogolerapo msonkhano wa amayi amazidziwa zimenezo. M'gulu laling'ono la anthu odziwana, olankhula amachulukirapo, n'chifukwa chake ndikuti uchepetse. Koma achete adzakhalapobe, ndipo ambiri a iwo akumva. Udzawazindikira Lachinayi m'mawa, akadzatulukira ndi kabotolo kawo.

Nanga udziwa bwanji kuti gulu lili moyo? Usayang'ane chiwerengero cha pamwamba. Tenga kope kumapeto kwa sabata, ubwerere m'mbuyo uwerenge zinthu zitatu. Ndi anthu angati osiyana amene alankhula? Pa mafunso amene afunsidwa, ndi angati amene anayankhidwa ndi membala iwe usanatsegule pakamwa? Pa mauthenga 10 alionse, ako ndi angati? Ngati ako akupitirira theka, ukulalikirabe. Akatsika kufika pa 2 kapena 3, mafunso n'kumayankhidwabe, zayamba kupsa. Chizindikiro china sichiwerengeka. Tsiku lina udzamva kuti mayi wa ku Chinsapo anabwereka sikelo kwa mnzake, kapena kuti awiri anagawana mtengo wa kabaza ponyamula matumba, iwe osadziwa. Usachite nsanje. Chimene unadzala ndi chimenecho.

Komatu chete ali ndi malire. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Wina adzabwera ndi nzeru yoti nkhuku zikamatsokomola uziphwanyira makapisozi a anthu m'madzi. Wina adzati zipatse mankhwala lero, mawa ugulitse. Pamenepo usadikire mphindi 30. Lankhula nthawi yomweyo, mwaulemu koma momveka. Mankhwala a anthu si a nkhuku. Mankhwala a nkhuku ali ndi masiku olembedwa pa paketi oti adutse nkhuku isanaphedwe, chifukwa nyamayo adya ndi ana a anthu. Chitopa chikalowa chilibe mankhwala ochiza. Zimene zanenedwa pansi pa dzina la shopu yako, iwe n'kukhala chete, anthu amati wavomereza. Ngati ungathe, kamodzi pa mwezi upemphe alangizi a ziweto alowe kwa ola limodzi ayankhe mafunso amene mamembala asonkhanitsa. Uwagulire yuniti, usawagwiritse ntchito yaulere.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Malamulo muwapange gulu lili laling'ono, ndipo muwapange pamodzi. Akhale ochepa oti munthu awakumbukire. Ndale ayi, chifukwa nthawi ya chisankho gulu limodzi limasanduka magulu atatu. Mauthenga ongotumizidwa kuchokera kwina ayi. Kunyoza munthu ayi, ndipo uwakumbutse kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti, anthu anamangidwapo chifukwa cha zolemba pa foni. Za malonda a mamembala usaziletse kotheratu. Anthuwa akuwetera kugulitsa. Uwapatse tsiku lawo, tinene Loweruka, aliyense alengeze nkhuku zake, manyowa ake, ngakhale mandasi ake. Masiku enawo ayi. Wolakwa umulankhule kumbali koyamba. Kachiwiri umuchenjeze ndi adimini mnzako. Kachitatu atuluke, ndipo gulu liuzidwe chifukwa chake m'mawu ochepa. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola, koma usafulumire kununkhiza aliyense wotsutsana nawe.

Pakuti tsiku lodzudzulidwa lidzafika. Ulendo wina anapiye adzabwera ofooka, mwina anakhalitsa panjira. Pofika tsiku lachitatu, mayi wina adzalemba kuti mwa 50 ake afa 9, ndipo adzalemba mokwiya. Wachiwiri adzati nanenso. Foni ili ndi mabatani awiri okunyenga nthawi imeneyo. Lina limafufuta uthenga wa munthu. Lina ndi `Only admins`, lotseka pakamwa pa onse. Ukadina limodzi mwa amenewa, usaganize kuti nkhani yatha. Yangosamukira ku gulu lina limene iwe mulibe, ndipo chithunzi cha uthenga wofufutidwa uja chapita nawo. Madzi akatayika saoleka.

Uchite chonchi. Uyankhe tsiku lomwelo, pagulu pomwepo, kuti wamva. Upemphe onse amene anatenga tsiku limenelo alembe chiwerengero chimene anatenga ndi chimene chafa. Apa gulu limakuthandiza kuona chilungamo. Kufa mwanapiye mmodzi pa 50 m'sabata yoyamba si chachilendo. Ngati afa ambiri kwa munthu mmodzi yekha, anzake 11 ali bwino, vuto lili kukhola kwake, ndipo amuuza ndi anzake, mofatsa kuposa mmene akanamvera kwa iwe. Ngati afa ambiri kwa onse, vuto linabwera m'bokosi. Utenge chiwerengero chimenecho upite nacho kumene unagula. Wodandaula ndi mayina 12 m'manja amamvedwa mosiyana ndi wodandaula yekha. Chimene akakupatse, ubwere unene poyera, ndipo ugawe poyera. Wakutsina khutu ndi mnansi. Wokalipa m'gulu akadali wako. Woopsa ndi amene wangokhala chete n'kukagula kwina.

Za mitengo n'chimodzimodzi. Unaona mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, mmene chakudya cha nkhuku chinakwerera. Zoterezo zidzabweranso. Mamembala ako azimva kwa iwe tsiku usanakweze, osati pa kauntala atanyamula ndalama zosakwana.

Akuba nawonso amakonda magulu. Uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" palibe Mmalawi amene sanaulandirepo. M'gulu la malonda umabwera utavala nkhope yako. Munthu amatenga chithunzi cha shopu yako, n'kuchiika pa nambala ina, n'kumalembera mamembala mmodzimmodzi kuti nambala ya Airtel Money yasintha. Choncho nambala zako zolipirira, ya Airtel Money ndi ya Mpamba, uzilembe pa malongosoledwe a gulu ndiponso pakhoma la shopu. Uwauze kuti sizisintha pa uthenga wa kumbali, ndipo asanatsimikize kutumiza ayang'ane dzina limene latuluka. Ena amaimba foni n'kunena kuti pali msonkhano wa gulu, tiuzeni manambala 6 amene abwera pa foni yanu. Wopereka manambala amenewo wapereka WhatsApp yake yonse, ndipo wakubayo ayamba kupempha ngongole m'dzina lake. Iwe ndi maadimini anzako muyatse `Two-step verification` lero lomwe. Ukaona alendo osadziwika akugogoda motsatizana, dina `Reset link`, linki yakale ife.

Maliro adzagwa pakati panu. Ukwati udzabwera. Anthu adzafuna kusonkha, ndipo ndi bwino, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Koma msungichuma usakhale iwe. Asankhe okha anthu awiri. Mndandanda wa opereka ulembedwe pagulu, ndalama zikaperekedwa wolandira avomere pagulu. Ndalama za chipepeso zikangolowa mu foni imodzi ndi ndalama za anapiye, ngakhale usabe tambala, dzina la shopu lada. Ena adzati tiyambe banki m'khonde. Uwalole ayambe, koma kunja kwa gulu la shopu, ndi malamulo awo. Mapanga awiri avumbwitsa. Sungakhale wogulitsa chakudya komanso wotolera ngongole kwa anthu omwewo.

Ndikuona nkhope yako. Ukufunsa kuti nanga ine ndidya chiyani pa zonsezi. Kupatsa n'kuika. Werenga wekha. Anthu 30 oweta 50 aliyense ndi anapiye 1,500. Nkhuku 50 zimadya matumba pafupifupi 4 a makilogalamu 50 kuti zifike pogulitsa. Amenewo ndi matumba ngati 120 pa ulendo umodzi. Munthu amene nkhuku zake zapulumuka amabweranso pakatha masabata 7 kapena 8. Amene zamufera amasiya kuweta, n'kukayamba kaunjika. Komanso udzayamba kudziwa maoda usanapite kukagula. Masabata awiri anapiye asanafike, uike kavoti m'gulu, aliyense asonyeze kuti atenga angati, alipireko pang'ono. Sudzagonanso ndi mabokosi a anapiye osagulidwa akulira m'shopu.

Ndipo pali ntchito ina imene wogulitsa wopanda gulu sangaichite. Khirisimasi aliyense amaifuna. Nkhuku ya masiku 42 yoti idyedwe pa 25 Disembala iyenera kulowa m'khola cha pa 13 Novembala. Onse akatenga sabata imeneyo, onse adzatulutsa sabata imodzi, m'misika yomweyo, ndipo mavenda adzatchula okha mtengo. Nkhuku yoyera sidikira. Tsiku lililonse loonjezera ikudya phindu. Nkhani imeneyi uiponye m'gulu kumayambiriro kwa Okutobala, ngati funso, n'kuwasiya akambirane. Ena adzasankha kutsogola kuti apeze maukwati a kumayambiriro kwa Disembala. Ena adzatsalira kuti apeze Chaka Chatsopano. Ena adzagwirizana kuti akalankhule limodzi ndi mwini malo odyera amene amafuna nkhuku sabata iliyonse, zimene mmodzi yekha sangakwanitse. Iwe uzingolemba masiku amene agwirizana, n'kuitanitsa anapiye motsatira.

Zonsezi sizipsa mwezi umodzi. Ulendo woyamba wa anapiye udzakhala ukukoka ndiwe. Wachiwiri adzayamba kukumbutsana. Pofika wachitatu udzaona amene akuyenera kukhala maadimini. Usasankhe wolankhulitsa. Usankhe amene amayankha mafunso a alendo popanda kuwanyoza, ndiponso amene amafika Lachinayi nthawi isanakwane. Uwapatse ulemu wooneka, dzina lawo litchulidwe, anapiye akachepa iwo asasowe. Malipiro a mwezi usawalonjeze, chifukwa tsiku limene udzalephere kulipira adzasiya zimene ankachita mokondwa.

Gulu lakale lija usalitseke mwamwano. Ulembemo uthenga umodzi wothokoza. Unene kuti mitengo izipezeka pa sitetasi, ndipo amene akuweta panopa n'kufuna kugawana katemera akupeze pashopu. Uwapatse sabata imodzi, kenako uwatulutse n'kulitseka. Ine unditulutse poyamba, nkhuku zanga ndi zachikuda. Tsono tenga kope lija, tiyambe kuona amene anagula kawiri.